Gugo inati K147,390, banki yadula K153,300: ndalama zinazo zapita kuti?

"Ndimasoka zovala ku Zomba. Ndinagula kamota ka makina osokera pa intaneti, mtengo wake pamodzi ndi zotumizira unali madola 85. Nditafunsa pa Gugo inandionetsa K147,390, koma banki yandidula K153,300. Kodi andibera? Ndikufunanso kuitanitsa nsalu za R1,500 ku Joni. Ndiwerengere bwanji kuti ndisadabwenso?"

Mayi, sanakubereni, ngakhale ndikumvetsa kuti K5,910 si ndalama yongoiyang'ana ikupita. Tengani kalikuleta ya pafoni tiwerengere limodzi, chifukwa manambala mwanditumizirawa ali kale ndi yankho lonse.

Gawani ndalama imene banki yadula ndi madola amene munagulira. K153,300 kugawa ndi 85 ikupereka K1,803.50 kapena kuyandikira pamenepo. Umenewu ndiye mtengo weniweni umene inu munagulira dola imodzi. Wa pa Gugo uja unali K1,734, ndipo pakati pa manambala awiriwa pali zinthu ziwiri zimene zakudyerani ndalama.

Choyamba n'chakuti dola ilibe mtengo umodzi. Mukalowa m'banki ndi kuyang'ana bolodi la ndalama zakunja mupeza mitengo iwiri, wina wogulira, wina wogulitsira. Zili ngati venda wa chimanga pamsika: ndowa imene wagula kwa mlimi m'mawa saigulitsa mtengo womwewo masana, ndipo phindu lake lili pakati pamenepo. Chichokereni Marichi 2024, mitengo yovomerezeka yakhala ikuzungulira K1,717 pamene banki ikugula dola kwa inu, ndi K1,751 pamene ikukugulitsani. Gugo imaonetsa wapakati, K1,734, umene kasitomala wamba saugulira kapena kugulitsira paliponse. Pamene mukulipira ndi khadi pasitolo yakunja, ndinu amene mukugula madola kubanki yanu, choncho mtengo wokukhudzani ndi wapamwambawo. Madola 85 kuchulukitsa ndi 1,751 ndi K148,835. Apa tapeza kale K1,445 mwa ndalama zimene mukuzifunafuna.

Chachiwiri ndi chimene banki imawonjezera chifukwa khadi yagwira ntchito kunja. Mukachotsa K148,835 pa K153,300 patsala K4,465, imene ndi 3 peresenti ya K148,835. Mabanki ena amalemba ndalama imeneyi pamzere wakewake musitetimenti, ena amangoilowetsa m'kati mwa reti, moti inu mumangoona nambala imodzi yonenepa. Ine njira yachiwiriyi sindigwirizana nayo, chifukwa munthu ayenera kuona chimene walipira. Komabe muli ndi ufulu wofunsa. Pitani kubanki, kapena imbani foni, mufunse kuti: pogula ndi khadi kunja mumagwiritsa ntchito reti iti, ndipo mumawonjezerapo maperesenti angati? Banki iliyonse ili ndi ndandanda wa zolipiritsa zake, ndipo nambala imeneyi imakhalamo.

Kuyambira lero, mtengo wanu wowerengera ukhale umene mwaupeza nokhawu, osati wa pa Gugo. Ulembeni m'kope momwe mumalemba miyezo ya makasitomala, ndipo muziukonzanso nthawi iliyonse mukagula.

Tsopano pali nkhani ya tsiku, imene anthu ambiri saidziwa mpaka itawapweteka. Mukadina batani lolipira, ndalama sizipita kwa wogulitsa nthawi yomweyo. Banki imangozigwira kaye, n'chifukwa chake mu apu mumaona mawu akuti "pending". Uthenga umene umabwera pafoni panthawiyo ndi wa ndalama zogwiridwazo. Pakapita tsiku limodzi, awiri kapena atatu, wogulitsa amatumiza pempho lotenga ndalamazo kudzera ku Visa kapena Mastercard, ndipo mtengo umene umagwira ntchito ukhoza kukhala wa tsiku limene malipiro amalizidwa. Masitolo ena amachedwa kuposa pamenepo. Amazon, mwachitsanzo, imadula khadi pamene katundu akunyamuka, osati pamene mwaitanitsa, ndiye ngati chinthucho chinatha mustoko mutha kudikira sabata kapena kupitirira.

Masiku amene kwacha yangokhala malo amodzi, kusiyana kumeneku simungakuone n'komwe. Koma kumbukirani zimene zinachitika mu Novembala 2023. Reserve Bank of Malawi inalengeza kuti kuyambira pa 9 Novembala dola izigulitsidwa K1,700 kuchoka pa K1,180. Tiyerekeze kuti kamota kanu komweka munakaitanitsa pa 7 Novembala, wogulitsa n'kudzadula khadi pa 10. Powerengera munali ndi K100,300 m'mutu. Banki ikanadula K144,500, tisanaikepo zowonjezera zija. Kamota n'komweko, madola ndi 85 omwewo, koma K44,200 yapita chifukwa cha masiku atatu. Ndipo ngati muakaunti munali ndalama zongokwanira mtengo woyambawo, malipiro akanakanika kapena akaunti ikanalowa m'ngongole. Mu Meyi 2022 zinachitikanso, kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Kwathu kuno kwacha nthawi zambiri siitsika pang'onopang'ono ayi; imakhala phee kwa miyezi, kenako n'kugwa usiku umodzi. Ndiye ngati chinthu mwatsimikiza kuti muchigula ndipo ndalama muli nazo, sankhani wogulitsa amene ali nacho kale m'manja ndipo amadula khadi nthawi yomweyo. Kuitanitsiratu katundu amene adzatumizidwe mwezi wamawa n'kuvomera mtengo umene simukuudziwa.

Tsiku limakhudzanso ndalama zobwezedwa. Kamotako katabwera kosagwira ntchito, wogulitsa adzabweza madola 85, osati K153,300. Iyeyo makwacha anu sanawaonepo. Banki idzasintha madolawo pa mtengo wa tsiku limene abwera, ndipo ngati igwiritsa ntchito mtengo wake wogulira, K1,717, osabwezanso 3 peresenti ija, muakaunti mulowa K145,945. Mwataya K7,355 popanda wina kulakwitsa chilichonse. N'chifukwa chake ndimauza anthu kuti afunse wogulitsa mafunso onse asanalipire: mphamvu ya magetsi, kukula kwake, mtundu wa makina amene chimalowako. Magetsi athu ndi a mavoti 230, pamene zinthu zambiri zopangidwira msika wa ku Amereka ndi za 110 kapena 120, ndipo kamota kolakwika pamenepa kangakubwezetseni katundu.

Tibwere ku nsalu za ku Joni. Apa pali ulendo wina wowonjezera, chifukwa makhadi ambiri a kuno sasintha randi kupita ku kwacha mwachindunji. Randi imayamba yasanduka madola, kenako madolawo n'kusanduka makwacha. Ndiye ngakhale kwacha itaima osasuntha pamaso pa dola, mtengo wa nsalu zanu ukhoza kusintha, pakuti randi imayenda tsiku ndi tsiku malinga ndi msika.

Kuwerengera kwake n'kotere. Onani kuti lero dola imodzi ndi marandi angati, mugawe R1,500 ndi nambala imeneyo, kenako muchulukitse ndi mtengo wanu uja wa m'kope. Tingoyerekeza kuti dola ili pa R18. R1,500 kugawa ndi 18 ndi madola 83.33, ndipo kuchulukitsa ndi 1,803.50 kukupatsani pafupifupi K150,300. Dola itafika pa R19, madola ofunika atsika kufika pa 78.95, makwacha n'kukhala pafupifupi K142,400. Taonani mbali imene zapita: nambala ya randi ikakwera, ndiye kuti randi yafooka, ndipo kwa inu wogula nsalu zatchipa. Anthu ambiri amasokoneza pamenepa, amaona 19 n'kuganiza kuti zinthu zadula. Pa nambala imene mwapezayo onjezerani kangachepe, ine ndimati maperesenti asanu, ndipo ndalama imeneyo ikhale muakaunti mpaka mawu aja akuti "pending" atachoka.

Mukafika patsamba lomaliza lolipirira, yang'anitsitsani zilembo zitatu zimene zili pafupi ndi mtengo: ZAR ndi randi, USD ndi dola ya ku Amereka, MWK ndi kwacha yathu. Chizindikiro cha $ pachokha musachikhulupirire, chifukwa dola ya ku Canada ndi ya ku Australia zimalembedwanso chimodzimodzi ndipo mphamvu zake n'zosiyana. Masitolo ena amakuonetsani mitengo m'makwacha pamene mukusankha katundu, koma kumeneko n'kungokuthandizani kuyerekeza. Chimene chidulidwe ndi ndalama imene yalembedwa patsamba lomalizalo.

Nthawi zina tsambalo limakufunsani ngati mukufuna kuti likusinthireni lokha marandiwo kukhala madola. Zimaoneka ngati thandizo, popeza mukuona nambala yodziwika musanalipire. Koma reti imene akupatsaniyo ndi yawo, ali ndi phindu lawo m'katimo, ndipo banki yanu idzaikabe zake pamwamba posintha madolawo kupita ku kwacha. Kudziwa ngati akukudyerani n'kosavuta. Ngati dola ili pa R18, nsalu zanu ziyenera kukhala pafupi ndi madola 83.33. Akakuonetsani madola 87, ndiye kuti akuwerengerani dola imodzi pa R17.24, ndipo madola 3.67 owonjezerawo ndi ndalama yopitirira K6,600 kuthumba kwanu. Zikatero sankhani kulipira m'marandi momwemo, khadi isinthe yokha. Visa ndi Mastercard onse ali ndi kalikuleta pamasamba awo a intaneti pamene mungaone reti yawo ya tsikulo musanadine.

Pali chinthu china chimene sindingachidumphe. Chifukwa cha kuchepa kwa ndalama zakunja, mabanki amaika malire a madola amene khadi ingagwiritse ntchito, ndipo anthu ambiri amathamangira kwa munthu wina kuti awalipirire, iwo n'kumupatsa makwacha. Munthu wotereyo sawerengera pa K1,751. Amawerengera pa mtengo wa kunja kwa banki, umene wakhala wokwera kwambiri kuposa wovomerezeka. Funsani banki yanu malire a khadi yanu musanaitanitse nsaluzo, ndipo wina aliyense akakuuzani kuti "zonse pamodzi ndi zakutizakuti", gawani nambala yakeyo ndi madola 83.33 muone kuti dola akukugulitsani zingati.

Pomaliza, nsalu zikafika pachipata a MRA adzawerengera msonkho potengera mtengo wa katunduyo pamodzi ndi zotumizira, atausintha kukhala makwacha pa reti imene ikugwira ntchito panthawi yotulutsa katunduyo. Sungani invoisi ya wogulitsa ndi sitetimenti ya kubanki yoonetsa chimene munalipira, ndipo msonkhowo muuphatikize pamtengo wa mita iliyonse ya nsalu musanauze kasitomala mtengo wa diresi.