Za kavidiyo ka msuweni kaja

"Asuweni, ndikufuna kujambula kavidiyo kosonyeza katumizidwe ka ndalama pafoni komanso kochenjeza za akuba aja. Katalike mphindi zingati?"

Eee, msuweni, ndamva. Pepa phokosoli, ndili pachigayo. Iwe zamphindizo ndi chonamizira chabe, ndakudziwa, ukufuna azakhali asapusitsidwenso koma ukuopa kuwauza pamaso. Hahaha, wamantha iwe, kuyambira kalekale pa nkhani ya mbuzi ija.

Chabwino. Katumizidweko n'kosavuta. Uimbe *211# ngati ndi Airtel Money, *444# ngati ndi Mpamba, usankhe kutumiza, ulembe nambala ya munthuyo, kenako ndalama zake. Likatuluka dzina la wolandira uime kaye, uliwerenge mokweza anthu amve, ndiye ulowetse pini. Koma pamenepo uphimbe ndi chala, usadzaonetse dziko lonse pini yako, paja iwe…

Koma tadikira, ukukumbukira za amalume chaka chija anagulitsa soya? Mufoni munali K90,000… ayi ndanama, K80,000, ina anali atagulira malata. Ali khale pakhonde, meseji ngwee: mwalandira K45,000. Asanamalize n'kuwerenga komwe foni yalira, mayi akulira, "Bambo ndalakwitsa nambala, mwana ali kuchipatala, chonde mundibwezere." Amalume paja ndi mkulu wampingo, chisoni chinawagwira, magalasi ali pamphuno n'kuyamba kudina. Amayi akunyumba akuti dikirani mwana abwere aone, iwo akuti "Ndalama za mwini sindigona nazo ine." Anatumiza, mayi uja mpaka anawadalitsa. Mawa lake kwa ejenti akuti ndipatseni 80 yanga, ejenti akuti bambo, muno simukukwana ndi 35 yomwe. Anabwerako njinga akuchita kukankha, nsima osadya. Mpaka lero ukangotchula soya amasintha nkhani.

Chinachitika n'choti palibe ndalama inalowa. Meseji ija munthu anangoilemba yekha pafoni yake, n'chifukwa chake inachokera ku nambala wamba, pamene yeniyeni pamwamba pamaoneka dzina la kampani, ndipo imagwera pamodzi ndi mameseji akale a ndalama. Ndiye mukavidiyo kakoko, chachikulu uonetse kuona balansi. Uike mafoni awiri pambalipambali, ina meseji yabodza, ina yeniyeni, kenako uimbe kodi ija uone balansi anthu akuona. Ngati sinakwere, palibe chobweza. Ngakhale itakweradi, wolakwitsayo aimbire kampani, ndi imene imabweza, osati iwe. Za oimba kuti ndife akukampani tiuzeni pini, ungonena kamodzi kuti pini sapatsa munthu, adule foni basi.

Ndiye wamva? Asanabweze kalikonse, aone kaye balansi. Zamphindi zako zija, imodzi yakwana, bola balansiyo ioneke bwinobwino pasikirini, azakhali maso anavuta. Ukamaliza unditumizire ine kaye usanaponye pagulu pano, ndipo amalume usawatchule, ali momwemuno. Iii, ndiye kuti amva kale izi… Amalume, takulonjerani!