Kalata yopempha kasitomala kuti chithunzi chake chosinthidwa zovala chilowe m'katalogi ya shopu

*"Ndikuphunzira utelala ku koleji ya ntchito zamanja, ndipo pano ndili pa atachimenti pa shopu ina ku Limbe. Tili ndi chithunzi cha mayi wina amene tinawasokera diresi ya buluu. Abwana akufuna tichisinthe pa kompyuta kuti mayiwo aoneke atavala masitayelo ena atatu, kenako tiike m'katalogi ya shopu. Andiuza kuti ndilembe kalata yopempha chilolezo. Ndilembemo chiyani?"* Wophunzira, Limbe

Achemwali, musanagwire cholembera, yambani mwakonza zithunzi zitatuzo mpaka zithe, muzisindikize pa pepala, chilichonse muchipatse nambala. Kalata ibwere pambuyo. Chifukwa chake n'chakuti mayiwo akavomera ndi mawu chabe kuti "gwiritsani ntchito chithunzi changa", m'mutu mwawo muli diresi ya buluu ija, imene anaisankha okha, anaiyesa okha, nadziona pagalasi n'kukhutira. Zovala zimene mudzawaveke pa kompyuta sanazionepo. Chilolezo chimene chingateteze iwo ndi shopu yomwe ndi cha chithunzi chimene achiona ndi maso awo n'kuchisainira kumbuyo. Pokonza zithunzizo, zikhale pa kompyuta imodzi ya pa shopu, zisayambe kuyenda m'mafoni a anzanu, ndipo ngati n'kotheka aimbireni kaye mayiwo foni kuwauza kuti mukufuna kuwakonzera zitsanzo zoti aone.

Ambiri amaona ngati kusintha chovala ndi nkhani yaing'ono, poti nkhope ndi yomweyo. Kwathu kuno chovala chimanena zambiri za munthu. Mayi wa Mvano amene savala diresi yoonetsa mapewa akapezeka m'katalogi ali ndi mapewa pamtunda, akayankha mafunso kumpingo ndi kunyumba komwe, pomwe iye sanavalepo chovala chimenecho. Mayi wachisilamu mukamuchotsa mpango kumutu kuti ndolo zioneke, mwamulakwira kwambiri ngakhale diresiyo ikhale yofika m'mapazi. Palinso thalauza ndi siketi yolekeza pamwamba pa maondo, zimene ena amavala bwinobwino pomwe ena sangayerekeze. Mitundu nayo muisamale: buluu, chikasu, olenji ndi chofiira anthu amazigwirizanitsa ndi zipani zandale, ndipo nsalu yofanana ndi ya chipani ikhoza kuika pamavuto mphunzitsi kapena munthu wogwira ntchito m'boma. Inu simungadziwe malire a munthu aliyense. Mwini wake ndiye amawadziwa, n'chifukwa chake aone yekha.

Malamulo nawo ali kumbali yake. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga zinsinsi za moyo wake, ndipo kuyambira 2024 tili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu payekha, limene amaliyang'anira ndi a MACRA. Chithunzi chimene munthu akuzindikirika nacho ndi uthenga wotero. Choncho chilolezo chiyenera kuperekedwa mwaufulu, munthu akudziwa bwino chimene akuvomera, ndipo shopu ikhale ndi umboni woti anavomeradi.

Nayi kalata imene mungaiumbe molingana ndi shopu yanu. Manambala ndaikamowa ndi achitsanzo, muikemo amene abwana anu avomereza.

*Dzina la shopu, keyala ndi nambala ya foni*
*Tsiku*

*Okondedwa Mayi ________,*

*PEMPHO LA CHILOLEZO CHOIKA ZITHUNZI ZANU M'KATALOGI YATHU*

*Pa ________ tinakujambulani pa shopu yathu mutavala diresi ya buluu imene tinakusokerani. Tikupempha chilolezo chanu kuti chithunzi chimenecho tichisinthe pa kompyuta kuti muoneke mutavala zovala zina zimene timasoka, ndi kuika zithunzizo m'katalogi yathu yotsatsa malonda.*

*Pamodzi ndi kalatayi tatumiza chithunzi choyambacho ndi zithunzi zitatu zosinthidwa. Nambala 1 ndi diresi yaitali ya chitenje ya manja aatali. Nambala 2 ndi siketi ndi bulauzi. Nambala 3 ndi suti ya thalauza. Tasintha zovala zokha. Nkhope, khungu, tsitsi ndi thupi lanu sitinasinthe ndipo sitidzasintha.*

*Zithunzi zimene mungavomere zidzatuluka m'makatalogi 200 osindikizidwa, amene tidzagawe pa shopu yathu, komanso pa tsamba la Facebook la shopu, kwa miyezi 12 kuyambira tsiku limene mwasaina. Sitidzalemba dzina lanu, sitidzagulitsa kapena kupereka zithunzizi kwa wina aliyense, ndipo pansi pa chilichonse tidzalemba kuti chovalacho chaikidwa pa kompyuta.*

*Pothokoza, tidzakusokerani chovala chimodzi mwa zitatuzi osalipira ndalama yosokera.*

*Muli ndi ufulu wovomera zonse, zina, kapena kukana zonse, ndipo kukana sikudzasintha m'mene timakuthandizirani. Mukadzasintha maganizo, tidziwitseni pa nambala ili pamwambayi. Tidzachotsa zithunzi pa Facebook pasanathe masiku 7 ndipo tidzaleka kugawa makatalogi otsala. Amene adzakhale atagawidwa kale sitingathe kuwabweza.*

*Ife anu,*
*Dzina, udindo ndi saini ya mwini shopu*

*Ine ________ ndaona zithunzi zonse ndipo ndavomera nambala ________. Ndakana nambala ________.*
*Saini ________ Tsiku ________*
*Mboni ________*

Onani kuti wosaina kalatayi ndi mwini shopu kapena manijala. Inu mwailemba, koma muli pa atachimenti, ndipo miyezi ingapo ikubwerayi mudzabwerera kukoleji. Malonjezo ali m'kalatamo, monga kuchotsa zithunzi m'masiku 7, ayenera kukhala pamutu pa munthu amene adzakhalepobe ndipo ali ndi mphamvu yowakwaniritsa. Abwana akawerenge mzere uliwonse. Ngati akuona kuti sangakwanitse lonjezo lina, lisinthidwe kalata isanachoke.

Chiganizo chonena kuti thupi ndi khungu sizinasinthidwe chiyenera kukhala choona, ndipo apa ndi pamene ntchito imaonongekera kawirikawiri. Wokonza chithunzi akafuna kuti diresi ikhale bwino amachepetsako chiuno, amakweza chifuwa, kapena amawalitsa chithunzi chonse mpaka mayi wakuda bwino n'kuoneka ngati anadzola mafuta oyeretsa khungu. Nthawi zina sachita dala: chovala chatengedwa pa chidole cha m'shopu chimene ndi chowonda, ndiye pochiika pa munthu thupi limatsatira chidole. Njira yodziwira ndi yosavuta. Sindikizani chithunzi choyamba ndi chosinthidwa pa saizi imodzi, musanjikize mapepalawo, muwaunike pa windo masana. Mapewa, chiuno ndi mikono zikasemphana, bwezani ntchitoyo. Yang'ananinso khosi ndi mikono. Ngati diresi ya buluu inali ya manja aatali ndipo yatsopano ndi ya manja aafupi, mikono imene ikuonekayo si ya mayiwo, ndi yopanga. Zikatero musalembe kuti mwasintha zovala zokha. Mwina sankhani sitayelo yophimba mofanana ndi yoyamba, mwina nenani m'kalata mosabisa kuti mikono yajambulidwa pa kompyuta.

Malo amene chithunzi chidzaonekere muwatchule amodziamodzi. Mawu akuti "potsatsa malonda athu" ndi otakata kwambiri, ndipo ndi amene amabala mkangano tsiku limene mayi adzadzione pa chikwangwani m'mbali mwa msewu pomwe iye ankaganiza za kabuku ka pa kauntala. Katalogi ya pepala, Facebook, WhatsApp ndi chikwangwani ndi zinthu zinayi zosiyana. Chimene sichinalembedwe sichinaloledwe. Ngati abwana akufunanso kutumiza katalogi pa WhatsApp, onjezani m'kalata, ndipo muwauze mayiwo zoona kuti chithunzi chikalowa m'magulu a WhatsApp palibe angachibwezenso. Ena akamva zimenezi amavomera pepala lokha. Ndi ufulu wawo.

Za malipiro, chilichonse chimene mwagwirizana chilembedwe, kaya ndi ndalama, kuchotsera mtengo kapena chovala. Ngati palibe malipiro, lembani kuti palibe. Koma musamangirire pempholi ku ngongole. Mayi amene sanamalize kulipira diresi yake akauzidwa kuti "mukasaina tikhululuka yotsalayo", n'zovuta kunena kuti wavomera mwaufulu.

Kaperekedwe kake nakonso n'kofunika. Musawasainitse ali chiimire pa kauntala, makasitomala ena akumvetsera. Apatseni kalata ndi zithunzi mu envelopu apite nazo kunyumba masiku atatu kapena sabata. Ambiri amafuna kuonetsa amuna awo kapena achibale, ndipo ndi bwino kuti wotsutsa atsutse katalogi isanasindikizidwe. Koma wosaina ndi mwini nkhope, osati bambo a kunyumba. Akabwera, asaine kalata komanso kumbuyo kwa chithunzi chilichonse chimene avomera, ndi tsiku lake. Chimene akana mulembe mzere wodutsa iwo akuona, ndipo fayilo yake ifufutidwe pa kompyuta. Makalata akhale awiri, ina yawo ina ya shopu. Ngati kuwerenga kumawavuta, wina amene iwo amukhulupirira, osati wa pa shopu, awawerengere mokweza, mayiwo adinde chala, ndipo wowerengayo asaine ngati mboni. Ngati m'chithunzimo mulinso mwana wosakwana zaka 18, pafunika saini ya kholo kapena womulera, apo ayi mwanayo adulidwemo.

Akakhala chete osayankha, akumbutseni kamodzi. Akapanda kuyankhabe, ndiye kuti akana, ndipo anthu ambiri kwathu kuno amakana mwa njira imeneyi poopa kukhumudwitsa telala wawo. Musawaumirize. Mawu akuti "chabwino" pa foni nawonso sakwanira, chifukwa sasonyeza kuti avomera chithunzi chiti.

Funsaninso kuti anajambula chithunzi choyambacho ndani. Ngati ndi inu kapena abwana pa foni ya shopu, palibe vuto. Ngati ndi wojambula wapadera, kapena mayiwo anachita kukutumizirani chithunzi cha pa ukwati chojambulidwa ndi wina, wojambulayo akhoza kukhala ndi umwini wake pansi pa lamulo la zaumwini wa ntchito zaluso la 2016. Chilolezo cha mayiwo sichikhudza mbali imeneyo, ndiye pafunika kakalata kena kopita kwa wojambulayo, kopempha kusintha ndi kusindikiza chithunzi chake.

Katalogi ikapita kosindikiza, pemphani tsamba loyesera lisanachulukitsidwe, mulifanizire ndi zithunzi zosainidwa zija. Osindikiza amatha kudula chithunzi, kuwalitsa mtundu, kapena kutenga fayilo yolakwika, n'kupezeka kuti nambala 3 imene inakanidwa ndi imene yatuluka m'makope onse 200. Pomaliza, lembani m'buku la shopu tsiku limene miyezi 12 idzathere, ndipo musanachoke pa atachimenti muonetse abwana pamene mwasunga kalata ndi zithunzizo. Akadzafuna kusindikizanso chaka chamawa, kapena kuwaveka mayiwo sitayelo yachinayi, padzafunika kalata ina ndi saini ina.