Sola ya amayi ku Katete: panelo ndi batire zikhale zazikulu bwanji?

"Abale, ine ndikhala ku Chawama kuno ku Lusaka. Ndifuna kuwaikira amayi sola kumudzi ku Katete: mababu asanu, kutchaja mafoni ndi tivi ya mainchesi 32 yokhala ndi dikoda. Kusitolo andiuza kuti panelo ya 100W ndi batire la 200Ah zikwana. Ndigule?"

Mlongo wanga, musagule zimenezo momwe akuphatikizirani. Batirelo ndi labwino, koma panelo imeneyo singalidzaze, ndipo batire losadzaza silikhalitsa. Ndimaika masola m'nyumba za anthu, ndipo vuto limene ndimalipeza kwambiri ndi lomweli: nkhokwe yaikulu, munda waung'ono. Tiyeni tiwerengere limodzi kuti mukabwerera kusitolo mukalankhule ndi manambala anu.

Poyambira si panelo ayi, ndi magetsi amene nyumba ya amayi idzadya pa tsiku. Chipangizo chilichonse chili ndi mawati ake olembedwa pa kapepala kakumbuyo, pomwe pali chilembo W. Mawatiwo muwachulukitse ndi maola amene chidzayake, ndipo yankho lake ndi limene amalilemba Wh. Ndiganizira kuti mababu anayi ndi a m'nyumba, limodzi ndi lapanja, ndipo onse ndi a LED a mawati 5. Anayi aja akamayaka maola 5 madzulo adya 100Wh. Lapanja amayi adzalisiya usiku wonse chifukwa cha akuba ndi ziweto, tinene maola 10, ndiye 50Wh. Foni yamakono imatenga pafupifupi 15Wh kuti idzaze. Muwerenge mafoni anayi ngakhale amayi ali ndi imodzi, poti nyumba ikangoyaka magetsi kumudzi, achibale ndi oyandikana nawo amabweretsa awo. Imeneyo ndi 60Wh. Tivi yopyapyala ya mainchesi 32 imadya mawati pafupifupi 40, dikoda pafupifupi 10, zonse pamodzi 50. Kwa maola 4 ndi 200Wh. Tikaphatikiza zonse tapeza 410Wh.

Onani kuti tivi ndi dikoda yake zokha zatenga pafupifupi theka. N'chifukwa chake ndikupemphani kuti nambala ya maola a tivi muinene moona. Ngati pakhomo pali adzukulu, kapena mudzi wonse udzasonkhana Chipolopolo ikamasewera, maola 4 adzasanduka 7, ndipo masamu onse asintha. Mababu sakhala vuto kawirikawiri.

Pa 410 uja tiwonjezere gawo limodzi la magawo anayi, chifukwa invata, kachipangizo kosandutsa magetsi a batire kukhala onga a ZESCO, imadyako yake, ndipo mawaya nawo amataya pang'ono. Tifika pa 510Wh. Nambala imeneyi muilembe penapake.

Tsopano panelo. Yolembedwa 100W imapereka mawati amenewo pokhapokha dzuwa lili paliwombo, kumwamba kuli mbee, galasi lili loyera ndiponso losatentha. Kuno kwathu dzuwa lamphamvu chotero timaliwerengera maola 5 mpaka 6 pa tsiku m'chilimwe, koma mu Januwale ndi Febuluwale, mitambo ikachuluka, ine ndimawerengera maola 4 okha. Sola imayesedwa ndi mwezi woipa, pakuti amayi adzafuna kuwala m'dzinja momwemo. Kenaka pa zimene zalembedwa timangoyembekezera magawo 7 mwa 10, poti kutentha kwa malata, fumbi ndi kutchaja kwa batire zimadyako zina. Ndiye panelo ya 100W m'dzinja ipereka 100 kuchulukitsa ndi 4 kuchulukitsa ndi 0.7, yomwe ndi 280Wh.

Nyumba ikufuna 510, panelo ikubweretsa 280. Tsiku lililonse batire likubwereketsa 230 osabwezeredwa. Batire la 12V la 200Ah limasunga 2400Wh, ndiye masiku oyamba zonse zidzayenda bwino, amayi adzakuimbirani kuthokoza. Pakatha masiku asanu lidzakhala pa theka, pakatha khumi latheratu, ndipo kuyambira pamenepo lidzangokhala pansi, kulandira pang'ono masana n'kuthanso usiku. Ngakhale mu Seputembala, dzuwa likuswa mtengo, paneloyo ipereka pafupifupi 400Wh, osafikabe. Batire la mtovu likakhalitsa losadzaza, mbale zake zam'kati zimamera zoyera zolimba zimene sizisungunukanso, ndipo limayamba kusunga magetsi ochepa. Chizindikiro chake ndi ichi: m'mawa kontirola, kachipangizo koyang'anira kutchaja pakati pa panelo ndi batire, imaonetsa msanga kuti ladzaza, koma madzulo tivi imazima nkhani za ZNBC zisanathe. Zikafika apo palibe mankhwala, ndi kugula lina. Zimandipweteka chifukwa batire ndilo lodula kuposa zonse, ndipo amene amaimbidwa mlandu ndi agogo kapena ana, pamene cholakwa chinachitika pa kauntala.

Mawati 200 a panelo apereka 560Wh m'dzinja. Akwana, koma ndendende, popanda chotsala chobwezera tsiku la mvula ya tsiku lonse. Ine ndikanakuikirani mawati 300, amene apereka 840Wh. Chotsalacho ndicho chimadzazanso batire pakatha masiku awiri a mitambo. Masiku ano panelo ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi batire, choncho ngati ndalama zachepa, chepetsani batire, osati panelo.

Za batire lenileni. La mtovu, kaya lamadzi kaya la jelo, musamalitsitse kupitirira theka ngati mufuna likhale zaka. La 100Ah limasunga 1200Wh, ndiye lanu ndi 600Wh, usiku umodzi basi. La 200Ah likupatsani 1200Wh, mausiku awiri ndi kanthu, ndipo ndi limene likuyenerani. La 150Ah nalonso lingathe ngati thumba lavuta. Ngati mungakwanitse la lifiyamu, lolembedwa LiFePO4, la 100Ah likwana, chifukwa limalola kutsitsidwa mpaka magawo 8 mwa 10, pafupifupi 1000Wh, silivulala ndi kusadzaza ngati la mtovu, ndipo lili ndi kachipangizo m'kati kamene kamalizimitsa lokha lisanaonongeke. Kwa nyumba imene mwini sola ali kutali ku Lusaka, ubwino womalizawu ndi waukulu. Kontirola yokha ikhale yovomera lifiyamu. Batire la galimoto musaliganizire n'komwe: linapangidwira kuliza injini kwa kamphindi, ndipo pa sola limafa m'miyezi yochepa.

Pali msampha umodzi pa mawati 300 aja umene ogulitsa ambiri satchula. Panelo imodzi yaikulu ya 300W kapena kuposa imatulutsa mavoti 30 kapena kupitirira. Mudzaona nambalayo kumbuyo kwake pamene alemba Vmp. Mukailumikiza ku batire la 12V kudzera pa kontirola yotchipa ya PWM, kontirolayo imakokera mavoti pansi kufanana ndi a batire, ndipo theka la mphamvu kapena kuposa limangotayika. Mwalipira 300, mukulandira 130. Njira zilipo ziwiri. Ina ndi kugula mapanelo awiri a 150W amene Vmp yawo ili pafupi ndi 18V, kuwalumikiza pulasi kwa pulasi, mayinasi kwa mayinasi, ndi kontirola ya PWM ya 30A. Ina ndi panelo imodzi yaikulu ndi kontirola ya MPPT ya 30A, imene imasandutsa mavoti otsalawo kukhala mphamvu yolowa m'batire. Zonse zimagwira. Chenjerani kokha kuti tumakontirola tambiri tapulasitiki, topepuka ngati bokosi la machesi, tolembedwa MPPT, m'kati ndi PWM. Yeniyeni imalemera, imakhala ndi chitsulo chotaya kutentha kumbuyo, ndipo imalemba mavoti ochuluka amene ingalandire, monga 75V kapena 100V.

Zolembedwa zabodza zilinso pa mapanelo ndi mabatire, ndipo mungazigwire ndi maso ndi manja. Panelo yotalika mita imodzi, mulifupi mita imodzi, imapereka mawati pafupifupi 200, osapitirira kwambiri. Ikakhala yoti mwaipanira m'khwapa koma yalembedwa 300W, isiyeni. Batire la jelo la 100Ah limalemera pafupifupi makilogalamu 30, ndipo la 200Ah limafuna anthu awiri. Ngati mwalinyamula ndi dzanja limodzi, mtovu mulibe wokwanira. Mukamazungulira m'masitolo a ku Kamwala kapena m'tauni, pitani ndi tepi yoyezera, ndipo pemphani lisiti yolembedwa miyezi ya galanti.

Invata ikhale yaing'ono, ya mawati 300, yolembedwa "pure sine wave" kuti isavutitse tivi ndi dikoda. Yaikulu ya 1000W kapena 2000W imadya magetsi ambiri ili chikhalire, komanso imakopa anthu kulumikiza ayironi ndi ketulo, zimene sola iyi singathe. Mababu ndi mafoni ndimakonda kuziika pa 12V kuchokera pa kontirola, kuti invata iziyatsidwa pa nthawi ya tivi yokha. Ubwino wina ndi wakuti kontirola imadula yokha batire likatsika. Invata imalumikizidwa ku batire mwachindunji, ndipo zambiri zimadikira mpaka mavoti 10.5 kuti zizime, pamene batire la mtovu lavulala kale. Choncho pakhomo pakhale munthu mmodzi woti aziyang'ana nambala pa kontirola mbandakucha, zonse zili zozima. La mtovu lodzaza limaonetsa mavoti 12.7. Akaona 12.2 ndiye theka latha. Ikatsika kuposa apo masiku awiri otsatizana, tivi ipume kaye mpaka batire lidzaze.

Poika, panelo iyang'ane kumpoto, yopendekeka pafupifupi madigiri 15, kuti madzi a mvula azitsuka fumbi. Pansi pake pakhale mpata wa mphepo, isagone pa malata. Onani mthunzi wa mango kapena mlongoti wa dishi, chifukwa mthunzi pa kangodya kamodzi umatsitsa panelo yonse. Waya wochokera padenga ukhale wa 6mm² ngati mtunda sukupitirira mamita 5, osati waya wa sipika. Fyuzi iikidwe pafupi ndi pulasi ya batire, pakuti batire likachita shoti lingathe kuyatsa nyumba. Polumikiza kontirola, yambani ndi batire, panelo pambuyo. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, wina azipukuta galasi ndi nsalu yonyowa m'mawa kamodzi pa sabata.

Ndiye kusitolo mukanene kuti mufuna mapanelo a mawati 300, kontirola ya 30A yogwirizana nawo, batire la jelo la 200Ah kapena la lifiyamu la 100Ah, ndi invata ya 300W. Ngati tivi simunagule, funsani ya 12V, invata simudzaifunanso bola dikoda nayo ikhale ya 12V. Ngati ilipo kale, jambulani kapepala kakumbuyo kwake ndi ka dikoda, mutumize pano. Mundiuzenso ngati amayi akuganizira za firiji, chifukwa firiji yokha ingathe kudya zofanana ndi zonse tawerengazi, ndipo ndi bwino tiiwerengere musanagule kontirola.