Bwana akasayina imelo ndi dzina loyamba, muwayankhe motani?

"Ndangoyamba kumene ntchito ya mu ofesi. Polembera imelo mkulu wa bungwe lathu ndinayamba ndi mawu akuti 'Olemekezeka Bwana', koma iwo anayankha mzere umodzi wokha n'kusayina ndi dzina lawo loyamba. Kodi nanenso ndiyambe kuwatchula dzinalo? Nanga oyang'anira gawo lathu ndi anzanga ndiziwalonjera chimodzimodzi?"

Musafulumire kuwatchula dzinalo. Munthu wamkulu akafupikitsa imelo, nthawi zambiri chimakhala chifukwa choti akuyankha pafoni ali pakati pa misonkhano, osati chifukwa choti wakupatsani chilolezo chomuzolowera. Mwambo wake ndi wakuti wamkulu ndiye amayamba kuchepetsa mawu aulemu, ndipo wamng'ono amatsatira pang'onopang'ono. Mungatchule dzina loyambalo pokhapokha iwo eni atanena momveka kuti muziwatchula choncho, ndipo ngakhale pamenepo musasiye kuika "a" patsogolo pa dzina kapena kulemba "inu".

Komabe malonje amene munayamba nawo aja anapitirira muyeso. Mawu akuti "Olemekezeka" amayenera nduna, aphungu ndi ena a maudindo otere, moti akapita kwa mkulu wa bungwe amamveka ngati kunyengerera, kapena ngati munthu amene akukonzekera kupempha ngongole. Chokwanira ndi "Bambo Uje" kapena "Mayi Uje", pogwiritsa ntchito dzina la makolo, ndipo ngati ali ndi udindo wa maphunziro monga Dokotala kapena Pulofesa, udindowo umalowa m'malo mwa "Bambo" kapena "Mayi". Ngati dzina silikusonyeza kuti munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi, musalote, lembani udindo wake, monga "Kwa Mkulu wa Zachuma". Kulakwitsa pamenepa, kapena kuphonya chilembo m'dzina, kumapweteka kwambiri kuposa kusowa kwa mawu okometsera.

Tiyerekeze kuti lipoti la mwezi lachedwa ndipo muyenera kudziwitsa anthu onse atatu. Kwa mkulu wa bungwe mungayambe ndi "Mayi Uje," kenako mzere wotsatira n'kulowa m'nkhani: "Ndikukudziwitsani kuti lipoti la mwezi uno lifika Lachinayi m'malo mwa Lachiwiri, chifukwa ziwerengero za nthambi imodzi sizinafike." Potseka lembani "Ine wanu," kenako dzina lanu lonse ndi udindo wanu, popeza mwina sakukudziwani bwino. Kwa oyang'anira gawo, amene mumaonana nawo tsiku ndi tsiku, mungawonjezere kuti "Ndikhulupirira muli bwino", n'kutseka ndi "Zikomo" ndi dzina loyamba. Kwa mnzanu, "Moni a Uje" ndi "Zikomo" n'zokwanira. Malonje otsatira nthawi, monga "Mwadzuka bwanji", ndi bwino kuwasiyira anzanu okha, chifukwa imelo yolembedwa m'mawa ikhoza kuwerengedwa usiku, komanso malonjewa amafuna yankho limene bwana wotanganidwa sangalipereke.

Pamene anthu ambiri amapunthwa, m'kuona kwanga, ndi pa mawu otsekera. "Ndikudikira yankho lanu mwamsanga" ndi chiganizo chabwinobwino chikachoka kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono, koma chikachoka kwa wamng'ono kupita kwa wamkulu chimasanduka lamulo. "Ndathokozeratu" nawonso ndi mawu ooneka aulemu, koma amasonyeza kuti mwagamula kale kuti pempho lanu livomerezedwa. Ngati yankho likufunikadi msanga, tchulani tsiku ndi chifukwa chake: "Ndingathokoze mutandiuza maganizo anu lisanafike Lachitatu, kuti lipotili lipite pa nthawi yake." Mawu akuti "Ndatha ine" asiyireni makalata a kubanja.

Imelo imodzi ikamapita kwa onse atatu, ulemu wake uyenera kulingana ndi wamkulu pa onsewo. M'bokosi la To yambani ndi dzina la mkulu wa bungwe, ndipo m'malonje tsatirani ndondomeko yomweyo, kapena mungolemba "Moni nonse" ngati anthuwo ndi ambiri. Amene ali mu Cc salonjeredwa, chifukwa akungodziwitsidwa, koma kukhalapo kwawo kumasintha kalembedwe: nthabwala imene mukanalembera mnzanu isalowemo ngati bwana akuwerenga nawo.

Tsono poyankha imelo yaifupi ija, sungani "Bambo Uje" kapena "Mayi Uje", chotsani malonje aatali, ndipo tsekani ndi "Zikomo" ndi dzina lanu. Maimelo akamapitirira kusinthana tsiku lomwelo pa nkhani yomweyo, palibe chifukwa chobwerezera kufunsa za moyo, ndipo sayini yaitali ija yokhala ndi udindo ndi nambala ya foni mungaichotse pambuyo pa imelo yoyamba. Nkhani yatsopano ikayamba, kapena pakapita masiku, malonje athunthu amabwereranso.