Kashiya m'tauni kapena wothandizira akauntanti ku Luwinga: mpando uti uli ndi makwerero?

"Ndili ndi zaka 24, ndimakhala ku Chibavi mu mzinda wa Mzuzu, ndipo ndinamaliza dipuloma ya zowerengera ndalama chaka chatha. Ntchito zandipeza ziwiri nthawi imodzi. Ina ndi ya kashiya pasitolo ya zipangizo zomangira m'tauni, K260,000 pamwezi yolandirira pamanja, ndipo eni ake akuti ndikalimbikira adzandiika umanijala. Inayo ndi ya wothandizira akauntanti pakampani ina ku Luwinga, K210,000 ndi penshoni, koma miyezi 6 yoyamba ndi yoyesedwa. Ndidziwa bwanji yomwe ili ndi tsogolo?" Mtsikana wa ku Chibavi

Achemwali, mawu akuti "tidzakukwezani" muyambe mwawaika pambali. Bwana aliyense amene akufuna munthu mwachangu amawanena, ndipo kuwanena sikumudyera ngakhale tambala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chimene chingakuuzeni zoona ndi mbiri ya mpando umene akufuna kukukhazikanipo, ndipo mbiri imeneyo mutha kuifufuza sabata ino musanasaine kalikonse.

Funso loyamba, malo onse awiri, ndi lakuti: amene anali pampandowu anapita kuti? Mufunse bwana, koma mufunsenso mlonda wapageti, dalaivala, kapena anyamata okweza simenti m'galimoto, chifukwa iwowa alibe chifukwa chokometsera nkhani. Akakuuzani kuti mnzanuyo anakwezedwa ndipo ndi uyo wakhala apoyo, kapena kuti anatengedwa ndi kampani ina yaikulu atagwira zaka ziwiri, ndiye kuti mpandowo umaphunzitsa. Akakuuzani kuti chaka chino chokha padutsa makashiya atatu ndipo aliyense anachoka ndi mlandu wa ndalama zoperewera, mwamva kale zimene zikukudikirani. Palinso yankho lachitatu lomwe anthu amalitenga ngati labwino pomwe si labwino: "Anakhala nafe zaka zisanu ndi zinayi, munthu wokhulupirika kwambiri." Zaka zonsezo pakauntala pomwepo? Ndiye kuti pamwamba palibe polowera.

Kenako muyang'ane amene wakhala pampando umene akukulonjezaniwo. Masitolo ambiri otere ndi a banja. Ngati manijala wa lero ndi mwana wa eni sitolo, mlamu wawo kapena mphwawo, umanijala umenewo suli pamsika. Sindikunyoza mabizinesi a banja ayi, ena amalipira bwino ndi pa nthawi yake kuposa makampani a mayina. Ndikungoti muwerenge mipando. Pakati pa kashiya ndi mwini sitolo pali mipando ingati, ndipo ndi ingati mwa imeneyo yomwe pakhala munthu wosakhala wachibale? Ikakhala palibe, lonjezolo lingakwaniritsidwe pokhapokha atatsegula nthambi ina, tinene ku Rumphi kapena ku Karonga. Pamenepo mufunse ngati malo ake anawapeza kale, kapena ndi maloto chabe.

Ine ndinagwapo m'mbuna yomweyi. Ntchito yanga yoyamba ndinkalemba malisiti pamalo ena amene sindiwatchula. Ndinkafika m'mawa, m'nyengo yozizira ya Juni zala zitauma gwa, n'kutsegula buku la malisiti, madzulo n'kupereka ndalama ndi bukulo kwa abwana. Iwo ankalowa nazo m'kaofesi kawo n'kutseka chitseko. Zimene zinkachitika kuseri kwa chitsekocho sindinazionepo zaka zitatu zathunthu. Tsiku lomwe ndinapita ku intavyu kwina anandipatsa sitetimenti ya kubanki ndi buku la ndalama, n'kundiuza kuti ndizigwirizanitse. Ndinatuluka thukuta. Papepala ndinali ndi zaka zitatu za ntchito, koma m'manja ndinali ndi luso la sabata imodzi lomwe ndinalibwereza kambirimbiri.

N'chifukwa chake ku Luwingako musakomedwe ndi dzina la udindo. Wothandizira akauntanti wina amathera chaka chonse akupanga mafotokope, kusanja mainvoisi m'mafayelo ndi kutumidwa kubanki kukaima pamzere. Ameneyo ndi mesenjala wovala bwino. Pantchito ya maakaunti, maphunziro enieni ali kumapeto kwa mwezi, potseka mabuku. Choncho mufunse mosapita m'mbali kuti pa ntchito zotseka mwezi, inu mudzagwira ziti.

Ndikuuzeni zoti mumvetsere m'yankho lawo. Yoyamba ndi yomwe inandigwetsa ine ija, kugwirizanitsa buku la ndalama la kampani ndi sitetimenti ya kubanki, n'kupeza chifukwa chimene ziwirizo zasiyanira: cheke chomwe sichinakatapidwe, ndalama zomwe banki yadula, kasitomala amene waika ndalama osanena. Ina ndi kukonza malipiro a antchito ndi kuwerengera msonkho wa PAYE, umene umayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, komanso VAT yomwe tsiku lake ndi pa 25. Munthu amene wadzazapo mafomu amenewa pa Msonkho Online ndi manja ake, n'kulawako mantha a tsiku lomaliza netiweki ikuvuta, ali ndi chinthu chogulitsa kulikonse m'Malawi muno. Mufunsenso ngati mudzakhala ndi dzina lanu ndi pasiwedi yanuyanu mupulogalamu yawo ya maakaunti, kaya ndi Sage kaya QuickBooks. Kafunso aka n'kakang'ono koma kamaulula zambiri. Akati pulogalamuyo amaigwira ndi akauntanti okha, inu muzingolemba mu Excel n'kuwapatsira, ndiye kuti ndi chitseko chotseka chija, changosintha maonekedwe.

Ndipo akauntantiyo ali kuti? Ku Mzuzu kuno funso ili ndi lalikulu, chifukwa makampani ambiri likulu lawo lili ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kuno n'kungokhala nthambi. Ngati mabuku amatsekedwa kulikulu, ndipo ntchito ya nthambi ndi kungotumiza mapepala, wokuphunzitsani palibe, ndipo kukwezedwa kudzatanthauza kusamuka. Ngati akauntanti amakhala pomwepo, tebulo lake moyandikana ndi lanu, mufufuze ngati ndi membala wa bungwe la akatswiri owerengera ndalama, ICAM kapena ACCA. Mabungwe amenewa safuna mayeso okha, amafunanso umboni wa ntchito imene mwagwira moyang'aniridwa ndi munthu woyenerera. A ACCA, mwachitsanzo, amafuna miyezi 36. Mwezi uliwonse pansi pa munthu amene angakusainireni ukuwerengedwa. Miyezi ya pakauntala, popanda wosaina, n'kovuta kuti idzakuwerengereni.

Tsopano tiwerenge ndalama, poti ndikudziwa kuti K50,000 yosiyanayo ndi imene ikukusowetsani tulo. Msonkho tiuike pambali kuti masamu asachuluke. Lamulo la penshoni limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro anu, inu 5 peresenti. Pa K210,000, inu adzakudulani K10,500, kampani n'kuwonjezera K21,000. M'manja mudzatsala K199,500, ndipo K31,500 izipita kuthumba la penshoni m'dzina lanu mwezi ndi mwezi. Ndiye kuti ntchito ya ku Luwinga mtengo wake weniweni ndi K231,000, ndipo kusiyana kwake ndi ya kusitolo ndi K29,000 pamwezi, kapena kuti K348,000 pachaka. Imeneyo muitenge ngati fizi. Ngati pa ndalama imeneyo muphunzira kutseka mabuku, misonkho ndi pulogalamu ya maakaunti, ndi sukulu yotchipa kwambiri. Ngati muzikapanga mafotokope, mwalipira fizi pasukulu yopanda mphunzitsi.

Koma ndisakunamizeni: penshoni sigula ufa lero. M'thumba mudzachepa K60,500 mwezi uliwonse poyerekeza ndi kusitolo, osawerengera ya kabaza yopita ku Luwinga. Ngati lendi ndi fizi ya azing'ono anu zili pamutu panu, mukhale pansi ndi cholembera muone ngati K199,500 ikukwana. Ntchito yophunzitsa imene ikukulowetsani mu katapila mwezi wachitatu simudzaimaliza.

Za kulandirira pamanja zija zandikayikitsa. Lamulo la penshoni limakhudzanso eni sitolo, ndipo lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati wolemba ntchito apatse wantchito chikalata chofotokoza ntchito yake, malipiro ndi maola. Bwana amene sakufuna kulemba malipiro a mwezi uno papepala, ndimakayika ngati angasunge lonjezo la zaka ziwiri zikubwerazo. Muwapemphe mwaulemu kalata ya ntchito, ndipo muwafunse zomwe zimachitika ndalama za m'kabati zikaperewera madzulo. Mmene nkhope yawo idzasinthire mudzaonera pomwepo.

Nthawi yoyesedwa isakuopseni. Lamulo la ntchito lomwelo limailola kwa antchito aluso, bola isapitirire miyezi 12, ndipo m'nthawi imeneyo mbali iliyonse itha kuthetsa mgwirizano popanda notisi. Chofunika ndi chakuti kalata yanu inene tsiku lomwe kuyesedwako kudzathe, amene adzakuunikeni, ndi malipiro amene mudzalandire mukakhazikitsidwa. Chizindikiro choipa ndi kupeza anthu pakampanipo amene akhala "akuyesedwa" chaka chachiwiri, kapena amene amangosainitsidwa makontirakiti a miyezi itatuitatu pantchito yomwe ndi ya masiku onse. Mukafunse anzanu a mu ofesimo pa nthawi ya nkhomaliro, osati pamaso pa bwana.

Maganizo anga ndi awa. Ngati ku Luwinga akauntanti ali pomwepo, mabuku amatsekedwa pomwepo, ndipo akulolani kulowa mupulogalamu, tengani imeneyo ngakhale ndalama ndi zochepa. Ngati ziwiri mwa zitatuzi palibe, ntchito zonsezi ndi zongodikirirapo, ndipo pamenepo tengani yolipira bwino, muumirire kalata, n'kumapatula ina mwezi uliwonse yolipirira mayeso a ICAM. Kusitoloko nakonso mutha kudzitsegulira kakhomo: mupemphe kuti muzithandiza kuwerenga katundu, kulemba ngongole za makontirakitala amene amatenga simenti ndi malata pangongole, ndi kukonza mapepala a VAT. Eni masitolo ambiri ntchito zimenezi zimawatopetsa, ndipo ena amasangalala wina akazitenga.

Kulikonse komwe mupite, mugule kope la masamba ochepa. Kumapeto kwa mwezi uliwonse muzilembamo ntchito imene mwaigwira nokha koyamba, popanda wokugwirani dzanja. Mwezi woyamba ndi wachiwiri mudzadzaza tsamba. Pofika mwezi wa 6, tsiku lokuunikani, mupite nalo kopelo n'kupempha ntchito imodzi yeniyeni yoti muwonjezere, monga kukonza malipiro a antchito. Akakupatsani, khalani. Mukaona kuti padutsa miyezi itatu yotsatizana osalembamo kanthu, ndipo mwapempha kawiri n'kuyankhidwa kuti "tiona", yambani kutumiza makalata kwina mukadali pantchito pomwepo. Pochoka musaiwale kupempha satifiketi yosonyeza nthawi imene mwagwira ndi udindo umene munali nawo, poti lamulo limati mukaipempha akupatseni.