Kusandutsa selufi kukhala katuni pa foni

"Achimwene, anzanga pa WhatsApp aika zithunzi zawo zooneka ngati katuni. Amapanga bwanji? Foni yanga ndi ya Android wamba, ndipo ndalama zolipira ndilibe."

Zikomo achemwali polemba. Yambani ndi pulogalamu ya ToonMe. Lowani mu Play Store, lembani dzinalo ndendende, ndipo muonetsetse bwino musanadine Install, chifukwa mapulogalamu a mayina ofananako alimo ambiri. Ntchito yojambulayo sichitikira m'foni mwanu. Chithunzi chimatumizidwa pa intaneti kumakompyuta a eni pulogalamu, kenako chimabwerako chitasinthidwa. Ndiye popanda bandulo palibe chimene chichitike, ndipo netiweki ikamavuta mudikirako.

Mukangoitsegula, idzakuonetsani tsamba lokukopani kuti mulembetse PRO, mtundu wake wolipira, mwina ndi masiku angapo oyeserera mwaulere. Apa ndi pamene ambiri amakodwa. Masikuwo akatha amayamba kudula ndalama ngati munaika khadi la kubanki ku Google. Funani kachizindikiro ka X pakona, nthawi zina kamachedwa kuoneka, mutseke tsambalo. Ngati mwavomera mwangozi, kufufuta pulogalamu m'foni sikuthetsa kanthu. Pitani mu Play Store, Payments & subscriptions, kenako Subscriptions, mukaletse kumeneko.

Zotsalazo n'zosavuta. Sankhani mtundu wa katuni umene wakusangalatsani, lolani pulogalamu kuona zithunzi zanu, tengani selufi yanu, muidule kuti nkhope ikhale pakati, dikirani pang'ono, sungani. Mudzaonera malonda otsatsa, ndipo chithunzi chidzatuluka ndi dzina la pulogalamu pakona. Ndiwo mtengo wa zaulere.

Koma nkhani yaikulu ili pa selufi yeniyeniyo. Pulogalamu imayamba yafufuza pamene pali maso, mphuno ndi pakamwa, ndipo ikapanda kuziona bwino imangolota. Ine ulendo woyamba ndinatenga chithunzi cha paukwati, chojambulidwa madzulo muholo, chomwe wina ananditumizira pa WhatsApp. Chinatuluka diso limodzi lili m'mwamba, ndevu zitasanduka mthunzi, moti mwana wanga anafunsa kuti bambo ameneyu ndani. Zolakwika zinali ziwiri: mdima, komanso WhatsApp imafinya zithunzi n'kuchotsa tinthu ting'onoting'ono ta pankhope. M'mawa mwake ndinaima pakhonde, kuwala kukundimenya kumaso osati kumsana, kumbuyo kuli khoma lopanda kanthu. Ndinapukuta kagalasi ka kamera ndi malaya, n'kuvula chipewa. Katuniyo inali ine ndithu.

Inunso jambulani chatsopano, muli nokha, mutayang'ana kamera, opanda magalasi akuda. Duku silivuta bola lisaphimbe nsidze.

China chimene chimandinyansa n'chakuti masitayilo ena amayeretsa khungu lathu lakudali, kuwongola tsitsi ndi kuchepetsa mphuno. Mukaona kuti watuluka munthu wachilendo, vuto si nkhope yanu. Bwererani ndi chithunzi chomwecho muyese sitayilo yojambula ngati ya pensulo, imene kawirikawiri imasunga maonekedwe a mwini wake. Ndipo popeza chithunzi chimachoka m'foni mwanu, cha mwana kapena cha mnzanu musachilowetsemo musanapemphe eni ake.