Kufufuza chidule cha makina musanachiloweze pamtima

"Achimwene, ndine wophunzira wa chaka choyamba ku koleji. Ndimajambula mawu a aphunzitsi pa foni, kenaka makina a AI amandilembera chidule ndi mafunso oyeserera pamodzi ndi mayankho ake. Anzanga akuti makinawa nthawi zina amapeka zinthu. Ndingadziwe bwanji kuti zimene ndikuwerenga ndi zimene aphunzitsi ananenadi? Mayeso a mbiri ya Malawi ayandikira."

Achemwali, anzanuwo sanakunamizeni. Makina amenewa salemba monga munthu amene wamvetsera phunziro n'kulisunga mumtima. Amalumikiza mawu motsatira zimene zimakonda kuyendera limodzi m'zolemba zochuluka zimene anaphunzitsidwa nazo, ndipo pamene mawu a aphunzitsi anu sanamveke bwino, sasiya mpata kapena kuvomereza kuti sanamve, koma amaikapo chimene chikuoneka choyenera pamalopo. Chiganizo chopeka chimatuluka chosalala ndi chotsimikiza mofanana ndi chiganizo choona, choncho kuwerenga chidulecho n'kumva kuti chikukoma sikukuuzani kanthu. Chimene chimagwira bodza ndi kutenga mfundo imodziimodzi n'kuilondola mpaka mutapeza pamene inachokera.

Popeza mwatchula mbiri ya Malawi, tiyerekeze kuti phunziro linali la John Chilembwe, ndipo chidule chanu chili ndi chiganizo chotere: Chilembwe anayamba kuukira atsamunda pa 15 Januwale 1915, ndipo anthu ake anapha David Livingstone ku Magomero. Munthu wotopa usiku angachimeze chonse, chifukwa tsiku la 15 Januwale timalidziwa kuti ndi la Chilembwe ndipo dzina la Livingstone tinalimva kuyambira ku pulayimale. Koma 15 Januwale ndi tsiku la tchuthi chokumbukira Chilembwe. Kuukira kwenikweniko kunayamba usiku wa pa 23 Januwale 1915. Amene anaphedwa ku Magomero anali William Jervis Livingstone, woyang'anira minda ya A. L. Bruce, pamene David Livingstone anali atamwalira kale mu 1873 kwa Chitambo, m'dziko limene tsopano ndi Zambia. Onani mmene zolakwa ziwirizi zapangikira: palibe dzina kapena tsiku lochokera kumwamba, zonse ndi zenizeni ndipo zimakhudzana ndi nkhaniyo, kungoti chodziwika kwambiri chalanda malo a chosadziwika. Bodza la makina nthawi zambiri limaoneka chonchi, ndipo n'chifukwa chake limadutsa mosavuta.

Ntchito yanu iyambe ndi cholembera. Dulani mzere pansi pa dzina lililonse, chaka chilichonse, nambala iliyonse, malo aliwonse, ndiponso mawu onse amene aikidwa mkamwa mwa munthu wina. Kenaka tsegulani manotsi anu a m'kalasi, masilaidi ngati aphunzitsi anagawa, ndi buku limene anakuuzani kuti muwerenge, ndipo pambali pa mfundo iliyonse lembani pamene mwaipeza, kaya ndi silaidi yachisanu kapena mphindi ya 32 ya mawu ojambulidwa. Ngati zolembazo zili pa kompyuta, Ctrl+F imakupezerani dzina kapena chaka mwachangu. Mfundo imene yasowa kwawo muiike chizindikiro, ndipo musailoweze mpaka mutaiona m'buku kapena mutafunsa aphunzitsi.

Pali chinthu chimodzi chimene ophunzira ambiri amachidumpha. Makina samamva phunziro mwachindunji monga inu. Nthawi zambiri mawu ojambulidwa amayamba asandutsidwa zolemba, ndipo chidule chimachokera pa zolembazo. Ngati foni inali kumbuyo kwa kalasi, mvula ikugunda pa malata, zolembazo zimakhala zowonongeka kale chidule chisanayambe. Mayina athu monga Mbombwe ndi Chiradzulu amapotozedwa, m'Chingerezi 15 ndi 50 zimamveka mofanana kotero kuti 1915 ingasanduke 1950, ndipo pamene aphunzitsi asiya Chingerezi n'kufotokoza za thangata m'Chichewa, ndime yonseyo ingatuluke ngati phala kapena kusoweratu. Kufananitsa chidule ndi zolemba zowonongekazo n'kungozungulira pamodzimodzi. Pa mfundo zofunika bwererani ku mawu enieniwo mumvetsere ndi makutu anu. (Ndikhulupirira kuti munapempha chilolezo kwa aphunzitsi musanayambe kuwajambula.)

Chovuta kwambiri kuchigwira, mwa kuona kwanga, si chaka cholakwika koma kukayikira kumene kwafufutidwa. Aphunzitsi a mbiri angathe kunena kuti akatswiri sagwirizana pa cholinga cha Chilembwe, kuti ena amati ankafuna kulanda boma pamene ena amati ankadziwa kuti afa ndipo ankafuna imfa yake ikhale umboni wa nkhanza za thangata ndi za kutengera Aafirika ku nkhondo ya azungu. Chidule chimakonda kusankha mbali imodzi n'kuilemba ngati nkhani yatha. Palibe dzina kapena chaka cholakwika pamenepo, Ctrl+F sikuthandizani, komabe funso la mayeso likhoza kukhala pa mkangano umene wachotsedwawo. Pofuna kugwira zotere, werengani chobwerera: yambani ndi manotsi anu, ndipo pa mutu uliwonse umene aphunzitsi anatherapo nthawi, onani ngati ulimo m'chidule ndiponso ngati mawu monga "mwina", "ena amati" ndi "zikuoneka kuti" apulumuka.

Mudzapezanso mfundo zoona zimene aphunzitsi sananene. Chidule chikhoza kuwonjezera kuti Chilembwe anapita ku Amerika ndi Joseph Booth mu 1897 n'kukaphunzira ku Lynchburg, ku Virginia, zimene n'zoona. Muzisunge ngati buku lazitsimikizira, koma muzilembe padera, chifukwa zikukuchenjezani kuti makinawo atuluka kunja kwa phunziro lanu, ndipo kumene atenga choona chimodzi angatengekonso chabodza. Mawu ogwidwa ndiwo oopsa koposa. Chilembwe analembadi kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 yodandaula za nkhondo, koma chiganizo chilichonse chimene makina akuti chachokera m'kalatamo musachilembe pa mayeso musanachione m'buku ndi maso anu.

Pa mafunso oyeserera, bisani mayankho a makina ndipo muyambe mwayankha nokha kuchokera m'manotsi. Pamene yankho lanu lasiyana ndi lawo, musafulumire kudziweruza kuti ndinu wolakwa. Woweruza ndi buku ndi phunziro. Pa mafunso osankha, yesani mayankho onse anayi, chifukwa zimachitika kuti awiri ndi olondola kapena palibe lolondola n'limodzi lomwe. Funso lakuti Chilembwe anaphedwa liti likapereka masiku anayi popanda 3 Febuluwale 1915, litayeni lonse, osasankhapo loyandikira.

Kufunsa makina omwewo kuti "kodi watsimikiza?" sikufufuza. Nthawi zina amangobwereza cholakwacho, nthawi zina amapepesa n'kusintha yankho limene linali lolondola. Chimene chimathandizako ndi kuwalamula poyamba kuti agwiritse ntchito zolemba zimene mwawapatsa zokha, ndi kuti pambali pa mfundo iliyonse akopere chiganizo chenicheni chimene aitengapo. Zimenezi zimachepetsa kupeka koma sizikuthetsa, pakuti ngakhale chiganizo chokoperacho chingakhale chopeka. Ubwino wake ndi wakuti tsopano muli ndi mawu oti muwafufuze m'zolemba zanu, ndipo akasowa mwadziwa pomwepo. Phunziro la maola awiri muziligawa m'zigawo za mphindi 20 kapena 30, chifukwa zolemba zikatalika kwambiri mfundo za pakati ndizo zimakonda kutayika.

Ngati muli ndi gulu lowerengera limodzi, gawanani maphunzirowo kuti aliyense afufuze chidule chimodzi mokwanira, ndipo mfundo zonse zosowa kwawo muzisonkhanitse pa pepala limodzi loti mupite nalo kwa aphunzitsi mayeso asanafike.